Fulawa Yense Ndi Woyera, Koma Ntchito Zake Zimasiyana

Fulawa wambiri amene timaphikira m'makomo mwathu amafika opanda dzina. Wogulitsa amatapa m'thumba lalikulu, nkuyeza pa sikelo kapena m'kambale, nkumanga m'kajumbo. Ukamufunsa kuti fulawayu ngwa mtundu wanji, kawirikawiri amayankha mwaulemu kuti, "Amayi, ameneyu ndi wabwino, amachita chilichonse." Sindimutsutsa kwenikweni, pakuti mandasi amatheka, chapati imatheka, ngakhale keke imene imatulukamo anthu amadya nkutha. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuphika buledi wa pakhomo ndi makeke a maphwando a achibale, ndaona kuti mawu oti "chilichonse" amabisa kusiyana kumene dzino limakuzindikira ngakhale diso lisakuone. Keke ina imasungunuka m'kamwa, ina umaitafuna ngati sikono, chonsecho mazira, shuga ndi majarini zinali zofanana. Chimene chimasiyana ndi fulawa.

Chosiyanitsa chachikulu ndi puloteni. Mu njere ya tirigu muli mapuloteni awiri, gulutenini ndi giliyadini. Fulawa akakhala wouma, awiriwa amangokhala phee. Akangokhudzana ndi madzi, nkuyamba kutakasidwa kapena kukandidwa, amagwirana nkupanga ulimbo wotamuka umene umatchedwa guluteni. Ulimbowu ndiwo umagwira mpweya wochokera ku yisiti kapena ku bekini pauda, ndipo mtanda umafufuma mmalo moti mpweyawo ungothawa. Aliyense amene adadyako chigumu akudziwa kale mmene chophika chopanda guluteni chimakhalira: ufa wa chimanga ulibe ulimbo umenewu, choncho chigumu chimakhala cholemera ndi chosavuta kunyenyeka, ngakhale uthiremo soda wokwanira. Buledi amafuna ulimbo wochuluka kuti aime ndi kutamuka. Keke imafuna wochepa chabe, wongokwanira kuti isagwe.

Mitundu itatu imene imatchulidwa m'mabuku a zophikaphika imasiyana motere. Fulawa wa buledi amakhala ndi puloteni wokwana magalamu 12 mpaka 14 pa magalamu 100 alionse, ndipo amachokera ku tirigu wa njere zolimba. Fulawa wa keke weniweni amakhala ndi magalamu 7 mpaka 9, amachokera ku tirigu wa njere zofewa, ndipo amagayidwa mosalala kwambiri. Fulawa wamba ali pakati, kuyambira cha m'ma 9 kufika cha m'ma 12, kutengera dziko ndi chigayo. Pa pepala kusiyana kwa magalamu atatu kapena anayi kumaoneka kochepa. Koma kuchoka pa 8 kufika pa 13 ndiko kuwonjezera ulimbo ndi zoposa theka, ndipo mu chiwaya zimenezi sizibisika.

Dzina lolembedwa pa paketi ndimalikhulupirira pang'ono chabe, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Fulawa amene ku South Africa amamutcha wa keke ndiye fulawa wawo wa tsiku ndi tsiku, wophikira zambiri za pakhomo, ndipo mphamvu yake ili pafupi ndi ya fulawa wamba wa kwina. Ku America mawu omwewo amatanthauza fulawa wofooka zedi, wapadera. Choncho mayi wa ku Limbe amene wagula paketi yochokera ku South Africa, nkutsatira malangizo olembedwa ndi munthu wa ku America, akhoza kuganiza kuti wagwira chimene malangizowo akufuna, pamene wagwira fulawa wamba wovala dzina lina. Chimene chimanena zoona ndi kabokosi ka manambala kumbuyo kwa paketi. Pezani mzere wa puloteni pa magalamu 100, ndipo nambala imeneyo ikuuzani gulu limene fulawayo ali. Pomwepo onaninso ngati sadathiridwe kale bekini pauda ku fakitale, chifukwa woteroyo ndi nkhani ina, ndipo sayenera buledi wa yisiti.

Nanga wa m'kajumbo uja, wopanda paketi? Pali njira ziwiri zimene ndimagwiritsa ntchito. Yoyamba ndidaiphunzira kwa azakhali anga, amene ankagulitsa masikono kwa zaka zambiri. Ankati, "Mwana wanga, fulawa usamamufunse, uzimufumbata." Umatapa fulawa wodzaza chikhatho, nkufinya mwamphamvu, kenaka nkutambasula. Wofewa, wa puloteni wochepa, amatsala wowumbika, zala zitadindikamo. Wa buledi amamwazika msanga, ndipo ukamupekesa pakati pa zala amamveka ngati ali ndi timchenga tosalala. Mtundu wakenso umapendekera ku chikasu pang'ono pomuyerekeza ndi wa keke. Njirayi ndi yachangu koma imanama m'nyengo ya mvula, pakuti fulawa aliyense wolowa chinyontho amawumbika.

Njira yachiwiri imatenga nthawi, koma ndimaikonda chifukwa imakuonetsa guluteni ndi maso. Tengani masupuni aakulu asanu ndi imodzi a fulawa, thiranimo madzi okwana masupuni awiri, kuwonjezera pang'onopang'ono kufikira mutapanga kamtanda kolimba. Kakandeni kwa mphindi zingapo, kenaka kasiyeni kwa theka la ola. Mukatero kamizeni m'mbale ya madzi ozizira ndi kumakafinya mofatsa ngati mukuchapa kansalu. Madzi ayera ngati mkaka. Chimene chikutulukacho ndi sitachi. Sinthani madzi kangapo mpaka atasiya kuyera. Chotsala m'manja mwanu ndi kanthu kotuwa, konanda, kotamuka ngati chingamu. Kameneko ndiye guluteni. Mukayesa mitundu iwiri ya fulawa pa muyezo wofanana, mudzaona kuti wina wasiya kambulu kakakulu kokana kuduka, wina wasiya kakang'ono kothothoka msanga. Ine ndimachita zimenezi kamodzi ndikagula kwa wogulitsa watsopano, ndipo ndikatero ndimadziwa ntchito yomupatsa fulawayo kufikira atatha.

Kugawa ntchito kwake sikuvuta. Buledi ndi masikono athu a yisiti, amene kunena zoona ndi tibuledi ting'onoting'ono, zimafuna fulawa wa buledi. Iyeyu amamwa madzi ambiri: pa kilogalamu imodzi amalandira mamililita 620 kapena 650 osanata m'manja, pamene fulawa wamba pa madzi omwewo amatha kukhala matope. Mandasi amakoma ndi fulawa wamba; wa buledi amawapangitsa kukhala otafuna nthawi yaitali, ngakhale alipo anthu amene amawakonda otero. Chapati ndi zikopa za samusa zimafuna mtanda wotha kupyapyala osang'ambika, choncho fulawa wamba wamphamvu kapena wa buledi ndi woyenera, bola mtandawo upume kwa theka la ola musanaupanikize, kupanda kutero umangobwerera m'mbuyo ngati legeni. Mabisiketi ndi makeke zimapita ku fulawa wofewa.

Vuto limadza pamene malangizo akufuna fulawa wa keke weniweni, koma m'nyumba muli wamba yekha. Apa ndi pamene konifulawa amathandiza. Koma tisanapite patali, dzinali lasokoneza anthu ambiri kwathu kuno, kumene chimanga tili nacho pakhomo. Konifulawa si ufa woyera, si gramilu, si mgaiwa. Ndi sitachi yekha wochotsedwa mu njere ya chimanga ku fakitale, puloteni, gaga ndi mtima wa njereyo zitapatulidwa. Ndi uja wa m'kabokosi amene timakhuthalitsira msuzi, amene ambiri amangomutcha Maizena potengera dzina la malonda. Ukamupekesa amalira pakati pa zala, ndipo ukamusungunula m'madzi ozizira amakhazikika pansi nkulimba. Ku America amamutcha konisitachi, ndipo kumeneko mawu oti konifulawa amatanthauza ufa wa chimanga chathunthu wogayidwa mosalala. Ufa woyera, ngakhale muusefe kasanu, timisere take ndi tatikulu ndipo sitifewa mokwanira pa nthawi imene keke imakhala mu uvuni. Keke yake imamveka mchenga pa lilime.

Chimene konifulawa amachita ndi kuchepetsa mphamvu. Iye alibe guluteni, choncho akalowa mmalo mwa gawo lina la fulawa, puloteni wa m'chisakanizocho amatsika, ndiponso timbewu ta sitachi timakhala pakati pa mapuloteni otsalawo nkuwalepheretsa kugwirana mosavuta. Muyezo wodziwika ndi uwu: pa kapu imodzi ya fulawa wamba, chotsani masupuni aakulu awiri, nkubwezeramo masupuni aakulu awiri a konifulawa. Kapu yoyezera imalowa masupuni 16, choncho mwasintha gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Ndimakonda kukumbukira gawolo kusiyana ndi masupuni, chifukwa makapu a m'nyumba zathu ndi osiyanasiyana, ndipo kapu ya tiyi ya kwa apongozi si yofanana ndi yanga. Amene ali ndi sikelo angochita motere: pa magalamu 120, atenge fulawa 105 ndi konifulawa 15.

Tiyeni titenge keke imodzi imene ndimaphika kawirikawiri, ya miyezo yofanana: majarini magalamu 200, shuga magalamu 200, mazira anayi, fulawa magalamu 200, ndi masupuni ang'onoang'ono awiri a bekini pauda. Tinene kuti paketi yanga yalembedwa puloteni 11. Gawo limodzi mwa asanu ndi atatu la 200 ndi 25, choncho ndimayeza fulawa magalamu 175 ndi konifulawa magalamu 25. Mu fulawa wa magalamu 175 ameneyo muli puloteni woposera pang'ono magalamu 19. Popeza chisakanizo chonse chikulemera 200, ndiye kuti pa 100 pali cha m'ma 9.6. Tatsika kuchoka pa 11 kufika pa 9.6. Taonani kuti sitinafike pa 8 wa fulawa wa keke weniweni. Tangoyandikira, ndipo pa keke ya mtundu uwu kuyandikirako ndi kokwanira. Fulawa akanakhala wa 10, tikanafika pa 8.75, m'gulu la fulawa wa keke momwe.

Ndikayeza, ndimathira bekini pauda momwemo, nkusefa zonse pamodzi katatu. Anthu ena amaona ngati kusefa katatu ndi mwambo wongotopetsa, koma pano kuli ndi ntchito yeniyeni. Konifulawa amakonda kugwirana timibulu, ndipo akapanda kumwazika bwino mudzapeza timadontho toyera, touma, mkati mwa keke yopsa, pamene mbali zina zatsala ndi mphamvu yonse ya fulawa. Kenaka ndimapukusa majarini ndi shuga kufikira zitayera ndi kupepuka. Apa gwiritsani mphamvu zanu zonse, pakuti fulawa sanalowe ndipo palibe guluteni woti mumudzutse. Mazira amalowa limodzi limodzi. Fulawa akangolowa, dzanja lisinthe. Ndimamuthira magawo atatu, nkumapinda ndi supuni yaikulu kuchokera pansi kubwera pamwamba, ndipo ufa wouma ukangosiya kuoneka ndimaleka. Ngati phalalo lalimba moti silikugwa pa supuni, supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka zimakwanira. M'ziwaya ziwiri za masentimita 20, pa madigiri 180, keke imapsa pa mphindi 20 mpaka 25. M'chiwaya chimodzi chakuya imatenga pafupifupi kawiri nthawi imeneyo. Wophikira pa mbaula, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro, achepetse moto wa pansi ndipo adalire kamtengo kobayira pakati, kamene kayenera kutuluka kouma.

Ndagogomezera za dzanja chifukwa ndaona keke za konifulawa zolimba kuposa za fulawa wamba wosasakaniza. Kuchotsa gawo limodzi mwa asanu ndi atatu la puloteni ndi phindu laling'ono, ndipo mphindi ziwiri za kutakasa mwamphamvu zimalifafaniza. Keke yokha imakuuzani chimene chachitika mukaidula. Ngati pamwamba patukuka ngati chulu nkung'ambika, mkati muli mabowo ataliatali olunjika kumwamba ngati njira za chiswe, ndipo chidutswa ukachipinda chimakana kuthyoka, ndiye kuti guluteni adachuluka: mwina fulawa anali wamphamvu, mwina supuni idazungulira kwambiri. Chulu chokha popanda mabowo aja nthawi zambiri ndi uvuni wotentha mopitirira, osati fulawa. Koma ngati keke ikunyenyeka mpeni usanafike pansi, ikumveka ngati choko m'kamwa, kapena pakati pabwerera pansi chonsecho idapsa, konifulawa adapitirira muyezo.

Chiyeso chowonjezera konifulawa chimakula makamaka pamene m'nyumba muli fulawa wa buledi yekha. Masamu omwe aja amatichenjeza. Fulawa wa puloteni 13, mukasintha gawo limodzi mwa asanu ndi atatu, amatsikira pa 11.4, ndiko kuti mwangopanga fulawa wamba. Kuti mufike pa 8 muyenera kuthira konifulawa wokwana pafupifupi magalamu 38 pa 100 alionse a chisakanizo. Pamenepo keke imataya fungo la tirigu, imauma msanga, ndipo puloteni wotsalayo akadali wa tirigu wolimba, wa ulimbo wouma mutu. Ine zikatero sindilimbana nazo. Ndimasintha gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, nkusankha keke imene siopa kulemera, monga ya nthochi kapena ya zipatso zouma, imene mafuta ndi chinyontho chake zimafewetsa fulawa wamphamvu. Keke yopepuka ya mazira opukusa ndimaidikiritsa mpaka nditapeza fulawa wamba.

Palinso malire ena amene konifulawa sangawadumphe, ndipo ndi ofunika kwa iwo amene amatsata malangizo a ku America. Fulawa wa keke wambiri wa kumeneko amapitsidwa mu mpweya wa kolorini. Mpweyawu umamuyeretsa, komanso umasintha khungu la timbewu ta sitachi moti timamwa madzi ambiri ndi kulimbitsa keke msanga ikamapsa. Nchifukwa chake makeke ena a kumeneko amanyamula shuga wolemera kuposa fulawa, ndi mkaka wambiri, osagwa. Ku Britain ndi m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya kuchita zimenezi kwa fulawa nkoletsedwa, ndipo makeke awo a pakhomo, monga ya miyezo yofanana ija, adakhazikika pa fulawa wamba. Chisakanizo chathu cha konifulawa chimatsanzira kuchepa kwa puloteni kokha. Choncho mukaona malangizo amene shuga akuposa fulawa ndi patali, monga magalamu 300 a shuga pa 230 a fulawa, yembekezerani kuti keke ikhoza kubwerera pakati kapena kukhala ndi mzere wonyowa pansi pake. Ndikakumana ndi otere ndimachepetsa shuga kuti afanane ndi fulawa pa sikelo. Kukoma sikuchepa moti munthu nkudandaula, ndipo keke imaima.

Anthu amandifunsanso ngati njirayi imatheka mobwerera, kusandutsa fulawa wamba kukhala wa buledi. Ndi konifulawa ayi, pakuti iye amangochotsa mphamvu. Chowonjezera mphamvu ndi guluteni wouma wogulitsidwa payekha, amene sapezeka m'magolosale athu wamba. Komabe fulawa wa puloteni 11 amaphika buledi wodyeka bwino mukachepetsa madzi kufika cha m'ma mamililita 580 kapena 600 pa kilogalamu, mukakanda mokwanira, ndipo mukamuphikira m'chiwaya chokhala ndi zipupa kuti zimuchirikize. Sadzafufuma ngati wa ku bekale, ndipo mukamusiya kuti afufume mopitirira amaphwa msanga, chifukwa ulimbo wake sugwira mpweya kwa nthawi yaitali.

Za paketi ya ku South Africa ija ndimachita motere: ndimawerenga nambala yake monga ndichitira ndi fulawa aliyense. Ikakhala 10 kapena kuposerapo, ndimamuyesa wamba ndipo ndimasakaniza konifulawa pa makeke opepuka. Ikakhala pansi pa 10 ndimamusiya momwemo. Ndipo tsiku limene konifulawa watha koma m'kabati muli ufa wa kasitadi, ndimagwiritsa ntchito umenewo pa muyezo womwewo, popeza mbali yake yaikulu ndi sitachi wa chimanga yemweyo, wongothiridwa mtundu ndi fungo. Keke imatuluka yachikasu kwambiri ndi yonunkhira vanila, zimene zimayenera keke ya tiyi koma osati imene mukufuna kuti mkati mwake muyere. Ingoonetsetsani kuti ndi ufa wa kasitadi wofuna kuwiritsa pa moto, osati uja wongothira madzi otentha, chifukwa umenewo uli kale ndi shuga ndi mkaka wa ufa, ndipo ungasokoneze miyezo yonse ya keke.